Minda ingati ndi yokwanira? Kawerengedwe ka kukula kwa kafukufuku woyerekeza magulu awiri

Kafukufuku woyerekeza magulu awiri amayamba ndi funso lomwe liyenera kuyankhidwa mbewu isanalowe m'nthaka, kapena wodwala woyamba asanalandire mankhwala: gulu lililonse likhale ndi anthu angati, minda ingati kapena ziweto zingati? Yankho lake silichokera pa ndalama zomwe zilipo, ndipo silichokeranso pa nambala yomwe ofufuza ena anazolowera. Limachokera pa zinthu zinayi zomwe wofufuza amazikhazikitsa asanayambe ntchito. Choyamba ndi kusiyana komwe akufuna kukuona pakati pa maguluwo. Chachiwiri ndi kumwazikana kwa zoyezedwa mkati mwa gulu limodzi. Ziwiri zotsalazo ndi mlingo womwe walola kuti alakwitse ponena kuti kusiyana kulipo pomwe kulibe, ndi mlingo womwe akufuna kuti akugwire kusiyanako ngati kulipodi, womwe umatchedwa mphamvu ya kafukufuku.

Nkhaniyi imamveka bwino ikatsatidwa pa chitsanzo chimodzi. Wofufuza zaulimi akufuna kudziwa ngati mbewu yatsopano ya chimanga imabereka kuposa yomwe alimi akudzala kale. Alimi agawidwa pawiri mochita maere, ena adzale yatsopano, ena yakale, ndipo pokolola adzayeza matumba a makilogalamu 50 pa ekala m'munda uliwonse. Kenako adzapeza avereji ya gulu lililonse n'kuziyerekeza. Manambala onse a zokolola omwe ali m'chitsanzochi ndi ongoyerekeza, koma masamu ake ndi omwewo omwe amagwira ntchito pa kafukufuku weniweni, kaya ndi wa zokolola, kuthamanga kwa magazi, kulemera kwa ana kapena malikisi a mayeso.

Chomwe chimavuta n'chakuti minda siibereka mofanana ngakhale mbewu ikhale imodzi. Wina anadzala ndi mvula yoyamba, wina anachedwa sabata ziwiri. Kwina kuli dothi lakatondo, kwina mchenga, kwina kaufiti wamanga mudzi. Munthu atatenga minda khumi ya mbewu yakale yomweyo n'kuigawa pawiri, maavereji awiriwo sangafanane. Kusiyana kotere ndi kwamwayi chabe, ndipo kumapezeka pa kafukufuku aliyense. Ntchito ya chiwerengero chokwanira cha minda ndi kuchepetsa kusiyana kwamwayiku mpaka kusiyana kwenikweni kwa mbewu kuonekere pamwamba pake.

Kusiyana komwe kuli ndi phindu

Nambala yoyamba siichokera kwa katswiri wa masamu. Imachokera kwa amene amadziwa ulimiwo. Funso ndi lakuti: mbewu yatsopanoyi iposere yakale ndi matumba angati kuti mlimi apindule kuisintha? Ngati mtengo wake ndi wokwera moti phindu la thumba limodzi limathera pogula mbewuyo, kusiyana kwa thumba limodzi kulibe ntchito kwa mlimi. Wofufuza wa m'chitsanzochi wagwirizana ndi alangizi kuti matumba awiri pa ekala ndiwo malire: avereji ya mbewu yakale ikakhala 16, yatsopano ifike 18. Pa masamu kusiyana kumeneku kumalembedwa Δ.

Apa pali msampha womwe ofufuza ambiri amagweramo. Kusiyana koyenera kulembedwa ndi kochepetsetsa komwe kungakhale ndi phindu, osati komwe wofufuza akulakalaka. Wopanga mbewu angakhulupirire ndi mtima wonse kuti idzaonjezera matumba asanu. Akawerengera pa asanuwo adzapeza kuti minda yochepa ikukwana, koma kafukufuku wakeyo sadzatha kuona kusiyana kwa matumba awiri, komwe kukanathandizabe alimi.

Kumwazikana, ndi muyezo wa Cohen

Nambala yachiwiri imanena za kutalikirana kwa zokolola za minda ya gulu limodzi ndi avereji yawo. Muyezo wake umalembedwa σ, ndipo m'nkhani ino ukutchedwa muyezo wa kumwazikana. Zoyezedwa zikakhala zochuluka pakati n'kumachepa kumbali zonse ziwiri, monga zimakhalira ndi zinthu zambiri zachilengedwe, pafupifupi magawo awiri mwa atatu a minda amakhala mkati mwa σ mmodzi kuchokera pa avereji. Ngati avereji ndi matumba 16 ndipo σ ndi 4, minda iwiri mwa itatu iliyonse ikolola pakati pa matumba 12 ndi 20, yotsalayo ipitirira kapena kuchepera pamenepo.

Kusiyana kwa maavereji kukagawidwa ndi muyezo wa kumwazikana, pamatuluka nambala imodzi yopanda matumba kapena makilogalamu, yolembedwa d. M'chitsanzochi ndi 2 kugawa ndi 4, yankho 0.5. Nambalayi ndi yomwe imalamulira kukula kwa kafukufuku. Kusiyana kwa matumba awiri m'dera lomwe minda imabereka mofananafanana n'kosavuta kukuona, koma kusiyana komweko m'dera lomwe wina amakolola 8 mnzake 26 kumabisala.

Muyezo wa d unatchuka ndi Jacob Cohen, katswiri wa ku America wa maphunziro a kaganizidwe ka munthu, m'buku lake la 1969 lomwe linatulukanso lokonzedwa mu 1988. Iye anapereka milingo itatu yothandizira munthu amene alibe poyambira: 0.2 ndi kusiyana kochepa, 0.5 kwapakati, 0.8 kwakukulu. Cohen mwiniwake anachenjeza kuti milingoyi si lamulo, ndipo chenjezolo n'lofunika kulisunga. Wofufuza amene walemba 0.5 chifukwa chongoti ndi wapakati, osafunsa kuti 0.5 akuimira matumba angati, wazemba funso lenileni la kafukufuku wake.

Njira ziwiri zolakwira

Kafukufuku akatha, wofufuza amanena chimodzi mwa ziwiri: kusiyana kwaoneka, kapena sikunaoneke. Pa chilichonse angathe kulakwa. Maganizo osiyanitsa zolakwa ziwirizi anawakhazikitsa ndi Jerzy Neyman ndi Egon Pearson m'zolemba zawo za pakati pa 1928 ndi 1933.

Kulakwa koyamba ndi kulengeza kuti mbewu zasiyana pomwe ndi mwayi chabe womwe unaika minda yachonde mbali imodzi. Mlingo wolola kulakwa kumeneku umalembedwa α, ndipo mwachizolowezi umaikidwa pa 0.05. Tanthauzo lake ndi lakuti ngati mbewu ziwirizo zili zofanana ndendende, kafukufuku mmodzi mwa 20 aliyense adzanenabe kuti zasiyana.

Kulakwa kwachiwiri ndi kulephera kuona kusiyana komwe kulipodi. Mlingo wake umalembedwa β, ndipo mphamvu ya kafukufuku ndi 1 − β. Mphamvu ya 80 peresenti, yomwe ndi yofala kwambiri, imatanthauza kuti ngati mbewu yatsopano imaposadi yakale ndi matumba awiri, ndipo kafukufukuyo atabwerezedwa kambirimbiri, maulendo anayi mwa asanu adzakuona kusiyanako, ulendo umodzi adzakuphonya. Ena amafuna 90 peresenti, makamaka pa mankhwala, pomwe kuphonya chinthu chothandiza kumawononga zambiri. Manambala 0.05 ndi 80 peresenti si malamulo achilengedwe. Ndi mgwirizano wa ofufuza, ndipo wofuna kuwasintha ayenera kungofotokoza chifukwa chake asanayambe.

Masamu ake

Zinayizi zikadziwika, chiwerengero cha gulu lililonse chimapezeka motere:

```
n = 2 × (1.96 + 0.84)² × σ² ÷ Δ²
```

Nambala 1.96 imachokera pa α wa 0.05 poyang'ana mbali zonse ziwiri, kutanthauza kuti mbewu yatsopano ingathe kuposa kapena kuchepera yakale. Nambala 0.84 imachokera pa mphamvu ya 80 peresenti. Kuziwonkhetsa ndi 2.8, kuchulukitsa 2.8 ndi 2.8 ndi 7.84, ndipo kuchulukitsa ndi 2 ndi 15.68. M'chitsanzochi σ² ndi 16 ndipo Δ² ndi 4, choncho 15.68 kuchulukitsa ndi 16 n'kugawa ndi 4 kumapereka 62.7. Theka la munda silidzalidwa pa kafukufuku, ndipo yankho limakwezedwa nthawi zonse, osatsitsidwa. Likhala 63.

Mapulogalamu a pakompyuta amapereka 64, osati 63. Chifukwa chake n'chakuti pomaliza kafukufuku σ weniweni sadziwika, amangoyerekezedwa kuchokera pa minda yomweyo, ndipo mayeso a t, omwe amagwiritsidwa ntchito poyerekeza maavereji awiri, amaganizira kusatsimikizika kumeneku. Mayesowa anachokera pa ntchito ya William Gosset, yemwe ankagwira ntchito ku kampani yofulula mowa ya Guinness ku Dublin ndipo anasindikiza zotsatira zake mu 1908 pa dzina lobisika la Student. Pa magulu akuluakulu kusiyana kwa mayankho awiriwa ndi munda umodzi basi. Choncho kafukufuku wa mbewuyu akufuna minda 64 ya mbewu yatsopano ndi 64 ya yakale, yonse pamodzi 128. Kuiwala kuti n ndi wa gulu limodzi ndi cholakwa chofala, ndipo kumasiya kafukufuku ndi theka la minda yofunika.

Popeza 15.68 ali pafupi ndi 16, pali njira yachidule yomwe Robert Lehr anailemba mu 1992 ndipo imatheka popanda makina:

```
n = 16 ÷ d²
```

Pa d wa 0.5, d² ndi 0.25, ndipo 16 kugawa ndi 0.25 ndi 64. Pofuna mphamvu ya 90 peresenti, m'malo mwa 16 mumalowa 21.

N'koyenera kumvetsa komwe 2.8 amachokera, chifukwa ndipo pagona nkhani yonse. Kusiyana kwa maavereji awiri komwe kafukufuku amapeza kumagwedezeka: atabwerezedwa ndi minda ina, yankho lingasinthe pang'ono. Kukula kwa kugwedezekaku ndi σ × √(2 ÷ n). Ndi minda 64 mbali iliyonse, ndi pafupifupi 0.71 ya thumba. Kuti kusiyana kuvomerezedwe kuti sikwamwayi, kuyenera kuposa kugwedezekako pafupifupi kawiri, ndiye kuti matumba 1.4. Tsono ngati kusiyana kwenikweni kukanakhala 1.4 ndendende, theka la maulendo yankho likanagwera pamwamba pa malirewo, theka pansi pake, ndipo mphamvu ikanakhala 50 peresenti yokha. Kuti lipitirire malire maulendo anayi mwa asanu, kusiyana kwenikweni kuyenera kukhala patsogolo pa malirewo ndi mtunda wina wowonjezera, womwe ndi 0.84 ya kugwedezekako. Matumba awiri kugawa ndi 0.71 ndi 2.8. Masamu onsewa akungofunafuna n yemwe angachepetse kugwedezeka mpaka kusiyana kofunidwako kukhale kokula maulendo 2.8 kuposa iko.

Mu pulogalamu yaulere ya R, kuwerengaku ndi mzere umodzi:

```
power.t.test(delta = 2, sd = 4, sig.level = 0.05, power = 0.80)
```

Yankho lake ndi n = 63.77, lomwe limakwezedwa kukhala 64. Mu G*Power, pulogalamu inanso yaulere yochokera ku yunivesite ya ku Düsseldorf ku Germany, munthu amasankha `t tests`, kenako `Means: Difference between two independent means (two groups)`, n'kulemba 0.5 pa `Effect size d`. Pamafunika kusamala pa bokosi la `Tail(s)`, kuti likhale pa `Two`.

Chomwe chimakweza chiwerengero

Pa zinayi zija, kusiyana kofunidwa ndiko kumasuntha yankho kwambiri, chifukwa kumadzichulukitsa kokha pansi pa mzere wogawira. Alangizi akanati thumba limodzi ndi lokwanira kusinthira mbewu, d akanakhala 0.25 ndipo minda ikanafunika 253 mbali iliyonse. Kusiyana kwatsika ndi theka, koma minda yachuluka kanayi. Milingo ya Cohen imaonetsa zomwezo: 0.8 amafuna 26 pa gulu, 0.5 amafuna 64, pomwe 0.2 amafuna 394. Sikelo yoyezera matumba pamsika imasiyanitsa thumba lodzaza ndi latheka mosavuta, koma kuti ione kusiyana kwa chimanga chodzaza dzanja pamafunika sikelo ina yodula. Kafukufuku wofuna kuona kusiyana kochepa amalipira motero, ndipo amalipira ndi minda.

Mphamvu ndi α zimasuntha yankho mofatsa. Kukweza mphamvu kufika 90 peresenti kumachotsa chiwerengero pa 64 kufika 86. Kutsitsa α kufika 0.01 kumachifikitsa pa 96. Kuyang'ana mbali imodzi yokha kumachitsitsa kufika 51, ndipo pa chifukwa chimenechi kumakopa ofufuza omwe thumba lawo ndi lopepuka. Koma woyang'ana mbali imodzi walonjeza kuti mbewu yatsopano ikadzapezeka yochepera yakale, sadzatha kunena kuti yachepera. Pa mbewu yoti ipite kwa alimi kapena mankhwala oti apite kwa odwala, lonjezo lotere n'losayenera.

Muyezo wa kumwazikana ndiwo wovuta koposa, chifukwa umafunika kafukufuku asanachitike pomwe umadziwika bwino atatha. Umatengedwa m'zolemba za kafukufuku wakale wa m'dera lofanana, kapena pa kafukufuku wamng'ono woyesera. Malo omwe wachokera ndi ofunika kwambiri. Minda ya pamalo ofufuzira zaulimi, yopaliridwa tsiku limodzi ndi kuthiridwa feteleza woyezedwa, imabereka mofanana kuposa minda ya alimi kumudzi, choncho σ wa kumeneko akagwiritsidwa ntchito pa kafukufuku wa m'minda ya alimi amapereka chiwerengero chochepa. Ngati σ weniweni ndi 5 pomwe wofufuza analemba 4, d amatsika kufika 0.4, minda yofunika imakwera kufika 100, ndipo minda 64 ija imangopereka mphamvu ya pafupifupi 61 peresenti.

Kafukufuku woyesera nayenso ali ndi malire ake. Minda khumi ikapereka σ wa 4, σ weniweni angathe kukhala paliponse pakati pa 2.8 ndi 7.3, ndipo chiwerengero chofunika chingakhale pafupifupi 30 kapena kupitirira 200. Nzeru yabwino ndi kuwerengera katatu, ndi σ wotsika, wapakati ndi wokwera, n'kukonzekera motsamira kwa wokwerayo. Choipitsitsa ndi kutenga kusiyana kwa maavereji komwe kwapezeka pa minda khumiyo n'kukulemba ngati Δ, chifukwa pa minda yochepa chotero mbali yaikulu ya kusiyanako ndi mwayi.

Kafukufuku wochepa mphamvu

Ndalama zikakwana minda 20 yokha mbali iliyonse, mphamvu imatsika kufika pafupifupi 34 peresenti. Mbewu yomwe imaonjezeradi matumba awiri idzalephera mayeso maulendo awiri mwa atatu. Ndi minda 10 mbali iliyonse mphamvu siifika 20 peresenti. Ichi n'chomvetsa chisoni, chifukwa alimi apereka minda yawo nyengo yathunthu, alangizi ayenda, ndalama zapita, ndipo mbewu yabwino yaikidwa pambali ndi lipoti lakuti palibe kusiyana. Pa kafukufuku wa zaumoyo, odwala amakhala avomera kuyesedwa mankhwala pa ntchito yomwe kuyambira pachiyambi inalibe mwayi wokwanira woyankha funso lake. N'chifukwa chake makomiti oona za ufulu wa anthu pa kafukufuku amafunsa komwe chiwerengero chachokera, ndipo ndondomeko ya CONSORT, yomwe inayamba mu 1996, imafuna kuti lipoti la kafukufuku wa mankhwala lifotokoze momwe chinapezedwera.

Vutoli si lachilendo. Mu 1962 Cohen anasanthula zolemba 70 za m'magazini ina ya akatswiri a kaganizidwe ka munthu, ndipo anapeza kuti avereji ya mphamvu yawo yoona kusiyana kwapakati inali pafupifupi 48 peresenti.

Pali vuto lachiwiri lomwe silidziwika kwambiri, ndipo limabwera pomwe kafukufuku wamng'ono wachita mwayi n'kupeza kusiyana. Ndi minda 20 mbali iliyonse, kugwedezeka kuja ndi matumba 1.26, ndipo malire ovomerezera kusiyana ali pa matumba pafupifupi 2.6. Kusiyana kwenikweni ndi 2, komwe kuli pansi pa malirewo. Kafukufukuyu angapambane pokhapokha mwayi utakokera yankho m'mwamba, choncho nthawi iliyonse yomwe wanena kuti mbewu yatsopano yaposa yakale, nambala yomwe walengeza ndi yokokomeza. Ndi minda 10 malire amafika 3.8, pafupifupi kawiri kusiyana kwenikweni. Alimi omwe analonjezedwa matumba anayi owonjezera akadzakolola awiri, amataya chikhulupiriro pa mbewu yomwe inali yabwino ndithu.

Wowerenga lipoti angazindikire kafukufuku wotere poyang'ana malire a chitsimikizo a 95 peresenti, omwe amaonetsa kuyambira pati mpaka pati pomwe kusiyana kwenikweni kungakhale. Ngati minda 20 mbali iliyonse yapereka kusiyana kwa matumba 1.5, malirewo amachokera pa −1.1 kufika 4.1. Mkati mwake muli ziro, muli 2, mulinso 4. Lipoti loona liyenera kunena kuti funso silinayankhidwe, osati kuti mbewu ndi zofanana. Ofufuza ena amayesa kudziteteza powerengera mphamvu kafukufuku atatha, pogwiritsa ntchito kusiyana komwe apeza. Kuwerenga kumeneku sikuonjezera chilichonse, chifukwa kumangobwereza zotsatira za mayeso aja m'mawonekedwe ena. Mphamvu ndi chida chokonzekerera ntchito, ndipo ntchito ikatha malire a chitsimikizo ndiwo amafotokoza zomwe zapezeka.

Kuchokera pa pepala kupita kumunda

Nambala 64 ndi ya minda yomwe idzayezedwe pokolola, osati yomwe idzadzalidwe. Pakati pa Disembala ndi Epulo zimachitika zambiri. Munda wina ukokoloka ndi madzi, wina mbuzi zilowamo, banja lina lidya chimanga chikadali chachiwisi chifukwa cha njala, wina akolola woyeza asanafike. Ngati munda umodzi mwa khumi ukuyembekezeka kutayika, 64 amagawidwa ndi 0.9, yankho 72. Ngati ndi umodzi mwa isanu, amagawidwa ndi 0.8, yankho 80. Kungoonjezera 20 peresenti pa 64 kumapereka 77, omwe ndi operewera. Kuonjezeraku kumabweza chiwerengero chokha. Ngati minda yomwe ikutayika ndi ya mbali imodzi, mwachitsanzo alimi akusiya chifukwa mbewu yatsopano yawakanika, avereji ya otsalawo imakhala yokondera, ndipo minda yowonjezera siingakonze zimenezo.

Chachiwiri ndi kudziwa chomwe n akuwerenga. Amawerenga chinthu chomwe chinagawidwa ndi maere. Wofufuza akadzala mbewu yatsopano m'munda umodzi, yakale m'munda wina, n'kuyeza mapesi 64 mbali iliyonse, alibe 64 ayi. Ali ndi munda umodzi mbali iliyonse, ndipo sangasiyanitse mphamvu ya mbewu ndi chonde cha nthaka. Vuto lomweli limabwera mobisika maere akachitika pa makalabu a alimi, midzi, sukulu kapena zipatala. Alimi a kalabu imodzi amalandira mvula imodzi ndi mlangizi mmodzi, choncho zokolola zawo zimafanana kuposa za alimi otalikirana. Chiwerengero chimayenera kuchulukitsidwa ndi:

```
1 + (m − 1) × ρ
```

Apa m ndi alimi a m'kalabu imodzi, ndipo ρ ndi muyezo wa kufanana kwawo, wochokera pa 0 kufika 1. Makalabu akakhala a alimi 10 ndipo ρ ndi 0.1, yankho ndi 1.9, ndipo 64 amasanduka 122, omwe ndi makalabu osachepera 13 mbali iliyonse. Kufanana komwe kumaoneka kochepa kwatsala pang'ono kuwirikiza kafukufuku.

Nthawi zina mbewu yatsopano imakhala yochepa, ndipo magulu sangafanane kukula. Magulu ofanana ndiwo amafuna minda yochepetsetsa yonse pamodzi, koma kusiyanitsa pang'ono sikuwononga zambiri. Minda 48 ya mbewu yatsopano ndi 96 ya yakale imapereka mphamvu yofanana ndi 64 ndi 64, ngakhale yonse yakwera kufika 144. Mbewu ikakwana minda 40, mbali inayo ifunika 160. Ikakwana 31 kapena kucheperapo, palibe chiwerengero cha mbali inayo chomwe chingafikitse mphamvu pa 80 peresenti.

Chiwerengero chikaposa ndalama zomwe zilipo, njira yachinyengo ndi kukweza Δ pa pepala mpaka yankho ligwirizane ndi thumba. Njira yoona ndi kuchepetsa kumwazikana. Kuyeza bwino kumathandiza: kuyeza kukula kwa munda ndi chingwe m'malo mofunsa mwini wake, ndi kuyeza chimanga chonse chitauma mofanana. Kugwiritsa ntchito zomwe zikudziwika kale kumathandizanso. Ngati zokolola za chaka chatha za munda uliwonse zilipo, ndipo mgwirizano wake ndi za chaka chino, wolembedwa r, ndi 0.6, kuziphatikiza posanthula kumachulukitsa chiwerengero ndi 1 − r², yemwe ndi 0.64, moti 64 amatsika kufika pafupifupi 41. Njira ina ndi yomwe Ronald Fisher anaikhazikitsa ku malo ofufuzira zaulimi a Rothamsted ku England, komwe anayamba ntchito mu 1919: kuyerekeza mbewu mkati mwa nthaka yofanana. Munda uliwonse umagawidwa pakati, ndipo maere amasankha mbali yodzala mbewu yatsopano. Pamenepo kusiyana kwa mlimi ndi mlimi kumachoka m'masamu, ngakhale kawerengedwe kake kamasintha, chifukwa maguluwo salinso odziimira paokha ndipo σ wofunika ndi wa kusiyana kwa mbali ziwiri za munda umodzi.

Zonsezi zikakanika, masamu aja amatembenuzidwa. M'malo mofunsa minda yofunika, wofufuza amafunsa kusiyana komwe minda yomwe ali nayo ingathe kuona. Ndi minda 20 mbali iliyonse, d² ndi 16 kugawa ndi 20, d ndi pafupifupi 0.9, omwe ndi matumba 3.6 pa ekala. Ngati palibe amene akuyembekezera kuti mbewuyo ingaonjezere matumba ochuluka chotero, kafukufukuyo sayenera kuyamba pa kukula kumeneko. Ofufuza angagwirizane ndi anzawo a m'maboma ena kuti aphatikize minda, kapena adikire nyengo yomwe ndalama zidzakwane minda 72 mbali iliyonse.